Makwerero a Masamu: Kusanja Mutu Kuyambira Pophweka Kufika Povuta

Silabasi ya masamu imene bungwe la MIE ku Domasi limakonza imatchula mitu ndi zimene wophunzira ayenera kutha kuchita akamaliza mutu uliwonse. Pa mutu wa maikweshoni, m'makalasi oyambirira a sekondale, cholinga chimatha kulembedwa m'mzere umodzi wokha, chakuti wophunzira azitha kupeza nambala yosadziwika. Mzere umodziwo umabisa maluso angapo osiyana, ndipo mwana amene wagwira loyamba sikuti wagwiranso lachinayi. Ntchito yogawa mutu kukhala makwerero ndiyo kutulutsa maluso obisikawo poyera, kuwasanja, ndi kuika masamu oyeserera pa sitepe iliyonse. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti sitepe imayenera kuwerengedwa potengera chinthu chatsopano chimene wophunzira ayenera kuganiza, chimodzi pa nthawi, ndipo kukula kwa manambala kapena kutalika kwa samu sikutiuza zambiri za kuvuta kwake. Masamu oyeserera nawo ayenera kusankhidwa m'njira yoti yankho lolakwika lizionetsa sitepe imene yathyoka.

Tiyambe ndi mawu oti kuvuta, chifukwa ndi pamene ambiri osanja masamu amaphonyera. Samu ya x + 387 = 912 imaoneka yoopsa kuposa 20 − 3x = 8, koma yoyambayo ndi yophweka kwambiri. Wophunzira amangochotsera kamodzi, ndipo ntchito yonse yatsalayo ndi ya kupulayimale. Yachiwiriyo, ngakhale manambala ake ndi aang'ono, imafuna kuti mwana azindikire kuti mainasi ali patsogolo pa 3x ndi wa 3x yemweyo, ndipo sangasiyidwe m'mbuyo. Buku limene limayamba ndi manambala aang'ono n'kumakuza manambalawo tsamba ndi tsamba limaoneka ngati likukwera, pamene likungoyenda pamalo amodzi. Katswiri wa maphunziro wa ku America, Robert Gagné, m'zaka za m'ma 1960 anaphunzitsa njira ina yosanjira. Umayamba ndi samu yapamwamba imene ukufuna kuti wophunzira adzathe, n'kudzifunsa kuti kodi ayenera kukhala akutha kale chiyani kuti aithe. Yankho lililonse umalifunsanso funso lomwelo, mpaka utafika pa zimene ana a m'kalasimo akuzidziwadi. Makwerero amamangidwa kuchokera pamwamba kutsika, ngakhale kuti wophunzira adzawakwera kuchokera pansi.

Tikatsika motero pa maikweshoni, timafika pansi kuposa pamene ambiri amayembekeza. Sitepe yoyamba ilibe x n'komwe. Ndi samu ngati 8 + 4 = □ + 5. Ofufuza a ku America, gulu la Thomas Carpenter ndi anzake, atapereka samu imeneyi kwa ana a kupulayimale anapeza kuti ochuluka amalemba 12 m'kabokosimo, ena 17, ndipo olemba 7 anali ochepa. Mayankho awiri olakwikawo ali ndi gwero limodzi. Mwana wazolowera kuti chizindikiro cha = chimatanthauza kuti tsopano lemba yankho, ndiye akaona 8 + 4 amalemba 12 osayang'ananso 5 ali kutsogoloyo, kapena amaphatikiza manambala onse atatu n'kupeza 17. Sanaphunzire kuti chizindikirocho chimanena kuti za kumanzere ndi za kumanja n'zofanana. Mwana wotere akauzidwa kuti zimene wachita mbali ino uchitenso mbali inayo, amaloweza mawuwo popanda chowagwirizira, chifukwa kwa iye ikweshoni ilibe mbali ziwiri. Masamu asanu amtundu umenewu, operekedwa tsiku loyamba, amaonetsa mphunzitsi ngati kalasi yake ili ndi poyambira.

Masitepe atatu otsatira tingawadutse mwachangu, chifukwa pafupifupi buku lililonse limawasanja bwino: x + 7 = 12, kenako 3x = 21, kenako ziwirizo pamodzi, 3x + 5 = 26. Chofunika kuchiona pano ndi kasankhidwe ka masamu oyeserera. Samu ya 2x = 4 siyenera kupezeka pa sitepe yachiwiri, ngakhale ndi imene imabwera msanga m'mutu mwa wolemba pabolodi. Mwana amene akuganiza kuti 2x ndi 2 kuphatikiza x adzachotsera 2 pa 4 n'kupeza 2, yankho lolondola, ndipo mphunzitsi adzachonga ndi cholembera chofiira osadziwa kuti wavomereza njira yolakwika. Pa 3x = 21 mwana yemweyo apeza 18, ndipo cholakwacho chaonekera. Palinso vuto la kungoyerekeza. Pa 3x + 5 = 26 wophunzira wochenjera amayesa 6, n'kuyesa 7, n'kuona kuti zatheka, osagwiritsa ntchito njira iliyonse. Kuyesa koteroko si tchimo, ndipo kumasonyeza kuti mwanayo akumvetsa zimene ikweshoni ikufunsa, koma sikungamufikitse patali. N'chifukwa chake pakati pa masamu a sitepe imeneyi payenera kukhala ina ngati 4x + 3 = 13, imene yankho lake ndi 2.5, kuti woyerekezayo akakamizike kufuna njira.

Sitepe yaikulu kwambiri pa makwerero onsewa ndi imene mabuku ambiri amaiika ngati samu ina chabe pa tsamba lomwelo. Ndi pamene x waoneka mbali zonse ziwiri, monga 5x + 3 = 2x + 18. Ofufuza awiri a ku Mexico, Eugenio Filloy ndi Teresa Rojano, analemba mu 1989 kuti pamenepa pali mpata weniweni pakati pa masamu a manambala ndi aljebura. Chifukwa chake n'chomveka. Pa 3x + 5 = 26 mwana angathe kubwerera chammbuyo: nambala ina inachulukitsidwa ndi 3, n'kuphatikizidwa ndi 5, n'kukhala 26, ndiye ndichotsere 5, ndigawe ndi 3. Ntchito yonse akuichita pa manambala amene akuwaona, ndipo x sanamukhudze. Pa 5x + 3 = 2x + 18 kubwerera chammbuyo kulibe poyambira, popeza kumanja kulibe nambala imodzi yoti ayambirepo. Ayenera kuchotsera 2x mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuchotsera chinthu chimene sakudziwa kukula kwake, ndipo ichi n'chachilendo m'moyo wake wonse wa masamu. Sikelo ya mbale ziwiri imathandiza pano: matumba asanu ofanana ndi makilogalamu 3 mbale ino, matumba awiri ndi makilogalamu 18 mbale inayo, ndipo ukachotsa matumba awiri uku ndi uku sikeloyo siipendekeka, ngakhale sukudziwa kulemera kwa thumba limodzi. Patsala 3x + 3 = 18, samu ya sitepe yapitayi, ndipo x ndi 5.

Samu imeneyi ndi yabwino kuiyang'anitsitsa chifukwa mayankho ake olakwika amalankhula. M'makalasi ambiri njirayi imaphunzitsidwa mwachidule kuti nambala ikawoloka chizindikiro cha = imasintha saini. Mwana amene waloweza kuwolotsa koma waiwala kusintha amalemba 5x + 2x = 18 + 3, n'kupeza 7x = 21, ndipo x amatuluka 3, nambala yosalala imene siimupatsa chifukwa chokayikira. Wina amawolotsa bwino 2x koma n'kulakwitsa pa 3, n'kupeza 3x = 21, ndipo yankho lake ndi 7. Mphunzitsi amene anawerengeratu zimenezi asanalowe m'kalasi safunika kuwerenga mzere uliwonse m'makope onse. Amangofunsa kuti opeza 5 akweze manja, opeza 3, opeza 7, ndipo m'mphindi imodzi wadziwa amene akwera, amene akungosuntha manambala, ndi amene atsala pang'ono. Pa sitepe yomweyi ndi poyenera kukhwimitsa chizolowezi chobwezera yankho mu ikweshoni. Wopeza 3 akabwezera apeza 18 kumanzere ndi 24 kumanja, ndipo adzigwira yekha popanda womuuza.

Pamwamba pake pali masitepe atatu, ndipo iliyonse imabwereka kanthu ku mutu wina. Sitepe ya 20 − 3x = 8 imabwereka ku manambala a negetivu, ndipo sikelo ija pano yatha ntchito, chifukwa palibe thumba lolemera mochepera pa ziro. Wophunzira amene wasiya mainasi m'mbuyo amalemba 3x = 8 − 20 n'kupeza −4 m'malo mwa 4. Sitepe ya mabulaketi iyenera kugawidwa pawiri, chifukwa 2(x + 3) = 14 ndi 10 − 2(x − 3) = 4 si zamsinkhu umodzi. Yachiwiriyo yankho lake ndi 6. Wopeza 0 wachulukitsa −2 ndi −3 n'kulemba −6, ndiye vuto lake ndi la masaini. Wopeza 3.5 wayamba ndi kuchotsera 2 pa 10 n'kulemba 8(x − 3) = 4, ndiye vuto lake ndi la dongosolo la zoyamba kuchita, ndipo kumupatsa masamu ena makumi awiri a masaini sikungamuthandize. Sitepe ya mafulakishoni, monga x/2 + x/3 = 10, yankho lake ndi 12, koma wophunzira amene amaphatikiza zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha amalemba 2x/5 = 10 n'kupeza 25. Mwana ameneyu aljebura akuitha. Chimene chinathyoka ndi kuphatikiza mafulakishoni, ntchito ya kupulayimale, ndipo mankhwala ake ali kumeneko.

Apa ndi pamene wotsutsa woyamba amalowera, ndipo ali ndi mfundo. Iye amati masamu sayenda m'mzere umodzi, mitu imalowana, ndipo kuwajambula ngati makwerero oimaima paokha n'kunamiza wophunzira. Zimene taona pa masitepe atatu apitawa zikumuvomereza. Koma chotsatira chake si kutaya makwerero. N'kulemba pambali pa sitepe iliyonse kuti ikutsamira pa sitepe iti ya mutu wina, ndi kusanja mitu ya pa teremu motsatira zimenezo, kuti manambala a negetivu aphunzitsidwe maikweshoni a mainasi asanafike. Tiyeneranso kuvomereza kuti si dongosolo lonse limene lili lokakamiza. Palibe angathe 3x + 5 = 26 asanathe 3x = 21, koma kuti mabulaketi abwere mafulakishoni asanabwere kapena pambuyo pake ndi nkhani ya kusankha, ndipo aphunzitsi awiri abwino angasiyane. Wosanja wanzeru amadziwa masitepe amene sangasinthanitsidwe ndi amene angasinthanitsidwe, ndipo salimbana ndi mnzake pa achiwiriwo.

Wotsutsa wachiwiri ndi woopsa kwambiri, ndipo ndi amene ayenera kumvedwa mofatsa. Iye amati masitepe ang'onoang'ono amabala wophunzira wotha kutsanzira koma wosatha kuganiza. Mwana akapatsidwa chitsanzo chimodzi pabolodi ndi masamu khumi ofanana nacho, safunika kusankha njira, chifukwa mutu wa tsambalo wamusankhira kale. Amakhoza zonse khumi, mphunzitsi n'kukondwa, koma pa mayeso a MANEB, pamene mafunso amabwera osakanikirana popanda chikwangwani chonena kuti pano gwiritsani njira yakuti, amasowa pogwira. Umboni ulipo. Mu 2007 Doug Rohrer ndi Kelli Taylor a ku America anaphunzitsa ophunzira a kuyunivesite kupeza kukula kwa mkati mwa zinthu za maonekedwe anayi osiyana. Gulu lina linayeserera mtundu umodzi pa nthawi, lina linayeserera masamu omwewo atasakanizidwa. Pa nthawi yoyeserera, gulu loyamba linakhoza 89 pa 100 pamene lachiwiri linakhoza 60. Patatha sabata imodzi, pa mayeso, loyamba linakhoza 20 pa 100 ndipo lachiwiri 63. Ophunzirawo anali ochepa ndiponso akuluakulu, choncho manambalawa sitingawasamutsire ku Fomu 1 monga alili, koma kafukufuku wina amene Rohrer ndi anzake anachita pambuyo pake m'masukulu a ana analoza mbali yomweyo.

Tikayang'ana bwino, chimene umboniwu ukutsutsa ndi kaikidwe ka masamu oyeserera, pamene dongosolo la masitepe silikukhudzidwa. Luso latsopano liyenerabe kuphunzitsidwa palokha, ndi masamu angapo amtundu umodzi kuti dzanja lizolowere. Cholakwika n'kuimira pomwepo. Pa masamu khumi a sitepe ya x wa mbali zonse ziwiri, anayi oyamba angakhale a sitepe imeneyo yokha, osiyana pang'onopang'ono: ina x wamkulu ali kumanja, monga 2x + 18 = 5x + 3, ina yankho lake ndi negetivu. Anayi otsatira akhale osakaniza, a sitepe ino ndi a masitepe apansi, ngakhalenso imodzi ya mutu wa mwezi watha, osalembedwa kuti ndi amtundu wanji. Imodzi ikhale samu yowerengedwa kale molakwika, ija ya 7x = 21, wophunzira apeze mzere umene walakwika ndi kufotokoza chifukwa chake. Yotsiriza ikhale ya mawu. Kagawidwe kameneka si lamulo, ndipo mphunzitsi angakasinthe, bola masamu ofuna kusankha njira asasowe. Ayembekezerenso kuti makope adzakhala ndi zolakwa zambiri kuposa kale, ndipo asathamangire kuganiza kuti njirayo yalephera.

Masamu a mawu afunika ndime yawoyawo, chifukwa mabuku ambiri amawaika kumapeto kwa mutu ngati sitepe yapamwamba kwambiri, ndipo nthawi ikachepa ndi amene amadumphidwa. Uku n'kusamvetsa. Kusandutsa nkhani kukhala ikweshoni ndi luso lina, lokhala ndi masitepe akeake, ndipo liyenera kuyenda limodzi ndi linzakelo kuyambira pansi. Taonani iyi: munthu wina ali ndi K3,000 ndipo amasunga K5,000 sabata iliyonse, mnzake ali ndi K18,000 koma amasunga K2,000 sabata iliyonse, kodi ndalama zawo zidzafanana pakatha masabata angati? Tikawerenga m'masauzande, iyi ndi 5x + 3 = 2x + 18 yomwe ija, ndipo pakatha masabata 5 aliyense ali ndi K28,000. Ana ambiri amene amakanika pa ikweshoniyo amaitha nkhaniyi pamutu, poona kuti kusiyana ndi K15,000 ndipo woyambayo amakuchepetsa ndi K3,000 sabata iliyonse. Amenewa apeza okha 3x = 15, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kuwaonetsa kuti zimene aganizazo ndi zimene zikulembedwa pabolodi. Kwathu kuno pali chinanso. Masamu a kusekondale amaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi, choncho mwana akalephera samu ya mawu sitidziwa msanga ngati chamukanika ndi masamu kapena chiyankhulo. Njira yodziwira ndi yapafupi: muuzeni nkhani yomweyo m'Chichewa. Akaitha, musamubwezere ku sitepe yapansi ya aljebura, chifukwa kumeneko kulibe chimene chikumuvuta.

Wotsutsa wachitatu ndi mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo ndiponso silabasi yoti ithe mayeso asanafike. Ganizo lakuti wophunzira asakwere asanagwire sitepe imene alipo, limene Benjamin Bloom analilimbikitsa mu 1968, limafuna nthawi yosiyana kwa mwana aliyense, ndipo ndandanda ya maphunziro a pasukulu siipereka nthawi yotero. Izi n'zoona, ndipo amene amalonjeza kuti ana onse adzakwera limodzi sanaimepo kutsogolo kwa kalasi yotere. Komabe makwerero olembedwa bwino amathandiza kwambiri pamene nthawi ili yochepa. Mphunzitsi angalembe pabolodi mizere itatu ya masamu, ya sitepe yapansi, ya lero ndi yotsatira, ndipo aliyense ayambire pamene mayankho ake adzulo amuika, wachangu asakhale chogona podikira anzake. Chachikulu n'chakuti makwerero amamuuza zoyenera kudumpha. Wopanda makwerero akapanikizika amadula kumapeto kwa mutu, chilichonse chimene chili kumeneko. Wokhala nawo amayang'ana mitu ya kutsogolo n'kuona sitepe imene idzafunidwenso.

Chitsanzo chake chili pa maikweshoni awiri othetsedwa pamodzi, amene amabwera pambuyo pake m'silabasi. Wophunzira wapatsidwa 3x − 2y = 11 ndi y = x − 3. Luso latsopano pano ndi limodzi lokha, kuika x − 3 pamalo pa y, ndipo ambiri amaligwira tsiku lomwelo. Akatero amapeza 3x − 2(x − 3) = 11, imene ndi sitepe ija ya mainasi patsogolo pa bulaketi. Amene anaigwira amalemba x + 6 = 11, n'kupeza x = 5 ndi y = 2. Amene sanaigwire amalemba x − 6 = 11 n'kupeza 17, ndipo iye ndi mphunzitsi wake onse amaganiza kuti mutu watsopanowu ndi wovuta. Mainasi yemweyo adzabweranso pochotsera ikweshoni ina pa inzake, posintha mutu wa fomula, ndi pochotsera mafulakishoni a aljebura, mpaka pa mayeso a MSCE. Choncho mphunzitsi wa Fomu 1 amene watsala ndi mapiriyodi awiri pa mutu wa maikweshoni angachepetse masamu a madesimo ataliatali, amene amangodya nthawi yowerengera, n'kupereka mapiriyodi onse awiriwo kwa 10 − 2(x − 3) = 4 ndi anzake.